Kamera isanayake, mutu ukhale utapezeka

Mnyamata waima pamwamba pa khoma la damu, mpira wa basiketibo uli m'manja. Kunsi kwake kuli phompho lakuya mamita oposa 120. Malo ake ndi damu la Gordon, pachilumba cha Tasmania kummwera kwa Australia, ndipo chaka ndi 2015.

Akuusiya mpirawo. Ukugwa monga chimagwera chinthu chilichonse, mphepo ikuukankha pang'ono, mpaka kukafika pansi pafupi ndi tsinde la khomalo.

Akutenga wina. Ulendo uno, pousiya akuupota ndi zala kuti uzizungulira chammbuyo.

Poyamba ukutsika bwinobwino. Kenaka ukuyamba kupatuka, kuthawa khoma, kuyandama m'malere ngati wamera mapiko, mpaka kukagwera kutali kwambiri ndi kumene unagwera mnzake uja. Anyamata ali pamwambawo akukuwa.

Zithunzi zimenezi zinafika m'manja mwa Derek Muller, mwini wake wa tchanelo cha sayansi cha Veritasium pa YouTube, yemwe ndi mnzawo wa anyamatawo. Anapanga nazo kanema wamfupi wofotokoza chifukwa chake mpira wozungulira umapatuka: umakoka mpweya kuuzungulitsa mbali imodzi, ndipo mpweyawo umaukankhira mbali inayo. Akatswiri amautchula mchitidwewu ndi dzina la Heinrich Gustav Magnus, wasayansi wa ku Germany amene anaufotokoza m'zaka za m'ma 1850.

Phunziro linali labwino. Zithunzi zinali zoimitsa mtima.

Koma pofika pa mutu, Muller analemba monga amalembera mphunzitsi pabolodi. Anatchula dzina la Magnus ndi ntchito zimene mchitidwewo umagwira. Za mpira ndi damu sanatchulepo.

Munthu wina anakopera kanemayo, n'kumuikanso pa YouTube ndi mutu wongonena kuti mpira waponyedwa kuchokera padamu. Anthu mamiliyoni ambiri anakaonera kumeneko. Kanema yemweyo, mawu omwewo, phunziro lomwelo.

Muller anaisimba yekha nkhaniyi mu 2021, m'kanema wake wotchedwa Clickbait is Unreasonably Effective. Lero mukamufuna kanema wa mpira uja mumupeza ndi mutu wina: Backspin Basketball Flies Off Dam.

Ntchito imene inkabwera pamapeto

Aliyense amene anapangapo kanema wa maphunziro akuidziwa ndondomeko yakale. Umasankha phunziro, kufufuza, kulemba sikiriputi, kujambula, kudula ndi kulumikiza. Usiku kwambiri, maso ali gwaa, kanema akukwera pa intaneti, m'pamene umakumbukira kuti pakufunika mutu ndi chithunzi chapachikuto, kachithunzi kamene munthu amaona asanadine.

Umalemba dzina la phunziro. Umaimitsa kanema penapake pamene nkhope yako ikuoneka bwinoko, n'kutengapo chithunzi. Basi, kukagona.

Matchanelo ambiri akuluakulu anaisiya njira imeneyi. Mutu ndi chithunzi amazikonza pamodzi ndi sikiriputi, ndipo ena sayamba n'komwe kulemba asanazipeze.

Chifukwa chake chili m'momwe anthu amapezera makanema. Kale munthu ankalembetsa ku tchanelo, kanema watsopano n'kumupeza pamndandanda wake. Masiku ano ambiri amangotsegula foni, YouTube n'kuwayalira makanema ochokera kwa anthu amene sakuwadziwa. Phunziro la fizikisi limakhala pakati pa zigoli za dzulo ndi nyimbo yatsopano. Chala chikuyenda, ndipo chimene munthu akuona ndi zinthu ziwiri zokha: kachithunzi ndi mizere iwiri ya mawu.

Akapanda kuima pamenepo, miyezi ya kafukufuku ija sakumana nayo.

Palinso mbali ina. Mu 2012 YouTube inasintha kasankhidwe ka makanema oonetsa anthu, n'kuyamba kuyang'ana kwambiri nthawi imene anthu akhala akuonera, osati kuchuluka kwa odina kokha. Kuyambira pamenepo, kukopa munthu kuti adine kunasiya kukhala kokwanira. Akadina n'kupeza zina, amatuluka, ndipo kutuluka kwakeko kumawerengedwa.

Ndiye mutu ndi chithunzi zimalonjeza, sikiriputi n'kukwaniritsa. Zinthu zitatuzi zikakonzedwa nthawi zosiyana, kawirikawiri lonjezo limapita kwina, phunziro kwina.

Mipira 96,000,000

Kuti muone mmene zimakhalira zitatuzi zikagwirana, tsegulani kanema wa Veritasium wa mu 2019 wotchedwa Why Are 96,000,000 Black Balls on This Reservoir?

Mutuwo ndi funso, ndipo mulibe mawu amodzi omwe ofuna dikishonale. Chifukwa chiyani padziwe ili pali mipira yakuda 96 miliyoni? Nambalayo yalembedwa ndi maziro ake onse, kuti diso lione kukula kwake lisanawerenge. Chithunzi chake chikuonetsa chimene mutu wanena: mipira yakuda yodzaza mpaka madzi osaoneka.

Muller ananena kuti poyamba ankaganiza zoupatsa mutu woseweretsa mawu a Chingerezi, wosekeka kwa amene akuidziwa kale mipirayo. Atakambirana ndi MrBeast, mmodzi mwa odziwika kwambiri pa YouTube, anakhazikika pa funso lolunjikali.

Tsopano mverani masekondi oyambirira. Palibe moni wautali. Palibe kupempha kuti mulembetse. Mipira ikukhuthulidwira m'dziwe losungira madzi akumwa la mzinda wa Los Angeles, ndipo Muller akunena nthawi yomweyo kuti, mosiyana ndi zimene ambiri anamva, ntchito yake yaikulu si kuletsa madzi kuuma ndi dzuwa.

Apa ndiye pali luso lonse. Woonera wabwera ndi funso la pamutu paja. Mwina wabweranso ndi yankho lake m'mutu, loti mipirayo imaphimba madzi kuti asauluke. Sikiriputi ikumulandira ndi funso lomwelo, n'kumulanda yankho limene anali nalo. Tsopano sangatuluke.

Kenaka kanemayo akuyenda pang'onopang'ono. Muller akukwera boti, ndipo botilo likuvutika kudutsa m'mipiramo. Akunyamula umodzi: ndi wapulasitiki, pafupifupi masentimita 10 m'mimba mwake, ndipo m'kati muli madzi pang'ono kuti mphepo isauulutse. Ndi wakuda chifukwa anasakanizamo kaboni woteteza pulasitiki kuti isaphwanyike ndi dzuwa.

Yankho lenileni likubwera munthu atalilakalaka. M'madzimo muli mchere wachilengedwe wa buromayidi, umene pawokha suvulaza. Koma ukakumana ndi kulorini wophera tizilombo, dzuwa likuwomba, pamapangika burometi, amene akuganiziridwa kuti amayambitsa khansa. Kulorini sangamuchotse, buromayidi sangamuchotse. Chimene oyang'anira dziwelo akanatha ndi kutchinga dzuwa.

Munthu amene anadina pofuna kudziwa za mipira watuluka atamva kemisitiri ya madzi akumwa. Mutu ukanakhala wonena za burometi, ndi angati akanafika pamenepo?

Njira yoyamba ndi maganizo olakwikayi Muller sanaitole pa YouTube. Asanayambe Veritasium mu 2011, anachita digiri ya udokotala pa Yunivesite ya Sydney, pa nkhani ya kaphunzitsidwe ka fizikisi kudzera m'makanema. Anapeza kuti ophunzira akaonera kanema wofotokoza zoona zokhazokha momveka bwino, ankanena kuti amva, koma pamayeso sankasintha kwenikweni: ankangolimbikira zimene ankakhulupirira kale. Amene anaonera kanema woyamba ndi maganizo olakwika amene anthu amakhala nawo, kenaka n'kuwagwetsa, ankadandaula kuti wawasokoneza, koma ankakhoza bwinoko.

Kwa ine, apa ndi pamene nkhani ya mutu imasiya kukhala ya malonda chabe. Kufunafuna mutu wabwino n'kufunsa kuti, kodi munthu amene sakulidziwa phunziroli akuganiza chiyani panopa, ndipo n'chiyani chingamudabwitse? Limeneli ndi funso la mphunzitsi. Amene walifunsa asanalembe amalemba sikiriputi yosiyana ndi ya amene walifunsa atamaliza.

Tiyeni tiyese ndi thumba la chimanga

Tiyerekeze kuti muli ndi tchanelo chophunzitsa sayansi ya zaulimi m'Chichewa, ndipo mukufuna kupanga kanema wa matumba a PICS, aja osungira mbewu popanda mankhwala.

Mfundo zake mukuzidziwa. Matumbawa anapangidwa ndi akatswiri a pa Yunivesite ya Purdue ku America, poyamba posungira khobwe kumadzulo kwa Africa. Thumba lake ndi la magawo atatu: mapepala awiri apulasitiki m'kati ndi saka kunja, ndipo lililonse limamangidwa palokha. Mpweya ukaleka kulowa, anankafumbwe amene analowa ndi chimangacho amamaliza okosijeni wotsalayo, amaleka kudya ndi kuswana, n'kufa.

Mukanayamba ndi sikiriputi, ndikudziwa mmene ikanayambira: moni, tanthauzo la kusunga mbewu, kufunika kwake, mitundu ya nkhokwe. Thumba likanatulukira pa mphindi yachinayi. Mutu ukanakhala "Kasungidwe kabwino ka chimanga".

M'malo mwake tengani pepala, mulipinde pakati. Kumanzere mulembe mitu, kumanja mujambule timabokosi ta zithunzi ndi pensulo. Pansi musiye malo a ziganizo zitatu zoyambirira za kanema.

Choyamba, lembani lonjezo m'chiganizo chimodzi, monga mungauzire mnansi: "Ukaonera, udziwa chimene chimapha anankafumbwe m'thumba mopanda mankhwala, ndi chimene chimalepheretsa." Ngati chiganizo chimenechi chikukanika kutuluka, vuto si mutu. Phunzirolo silinapse.

Kenaka lembani mitu yambiri, khumi kapena kuposa, osaweruza. Yoyambirira imakhala ya m'buku. Yabwino imabwera dzanja litatopa.

"Ubwino wa matumba a PICS" ndi woona, koma ukumveka ngati wotsatsa malonda, ndipo amene sakulidziwa dzinalo alibe chomuimitsa. "Osagulanso mankhwala a chimanga!" ndi wokopa, koma ukulonjeza zimene simungatsimikize kwa mlimi aliyense, amene thumba lake libooledwa ndi khoswe adzati munamunamiza. "Anankafumbwe amafa bwanji m'thumba lopanda mankhwala?" uli ndi funso, uli ndi mdani amene aliyense akumudziwa, ndipo kanema wanu angathe kuliyankha lonse.

Tiyeni titenge wachitatuwo.

Uli ndi zilembo zoposa pang'ono 50. YouTube imalola zilembo 100, koma pafoni mutu wautali umadulidwa, kumapeto n'kutsala timadontho. Mawu athu a Chichewa ndi ataliatali, ndiye malo amatha msanga. N'chifukwa chake "anankafumbwe" ali kutsogolo: ngakhale mchira udulidwe, mlimi waona kale kuti nkhaniyi ndi yake.

Tsopano kumanja kwa pepala. Cholakwa chofala ndi kulembanso mutu womwewo pachithunzi, kuwononga malo ponena chinthu chimodzi kawiri. Mutu wafunsa kale. Chithunzi chionetse umboni woti funsolo ndi lenileni.

Jambulani zikhatho ziwiri. China chanyamula chimanga chobooledwa, chaufa, tizilombo tili yakaliyakali. China chanyamula chimanga choyera, chathunthu. Ngati mawu akufunika, akhale awiri kapena atatu, akuluakulu: "Miyezi 6". Mawuwa akuwonjezera chimene mutu sunanene, kuti papita nthawi.

Imani pamenepa muone chimene chachitika.

Chithunzi cha pensulochi chakulamulani kale zochita. Kuti mukhale ndi zikhatho ziwirizo moona mtima, muyenera kutenga chimanga cha mulu umodzi, chouma bwino, kuchigawa pawiri, china m'thumba wamba, china m'thumba la PICS, kumanga pamaso pa kamera, kulemba tsiku, n'kudikira miyezi isanu ndi umodzi. Muyenera kuyamba nthawi yokolola. Mukanaganiza za chithunzi mutamaliza kujambula, mukanatsala ndi njira ziwiri: kuika nkhope yanu mutanyamula thumba, kapena kutola chimanga chofumbwa kwina n'kunamizira kuti ndi cha kuyesa kwanu.

Chithunzi chasinthanso sikiriputi. Munthu wadina ataona zikhatho ziwiri, ndiye zikhatho ziwirizo akumane nazo m'masekondi oyambirira. Pansi pa pepala paja mulemba motere: "Chimanga ichi ndi ichi chinachokera m'munda umodzi, tsiku limodzi. Konseku sitinathire mankhwala. Ambiri amaganiza kuti pulasitikiyi anaipaka mankhwala, koma ayi."

Ziganizo zitatu. Lonjezo latsimikizidwa, maganizo olakwika atchulidwa, ndipo funso lakula.

Zotsalazo zimatsatira funsolo. Mutsegula thumba, muonetse anankafumbwe akufa. Muonetse kandulo ikuzima pansi pa botolo lovundikira, kuti okosijeni aoneke ndi maso. Mufotokoze chifukwa chake mapepala ali awiri ndiponso chifukwa chake lililonse limamangidwa palokha. Kenaka mufike pa gawo lachiwiri la lonjezo: kabowo kakang'ono, kutsegulatsegula thumba, ndi chimanga chosauma bwino chimene chimachita nkhungu.

Mbiri ya nkhokwe za makolo, imene munaikonda kwambiri pofufuza, ilibe malo muno. Si yoipa. Ndi ya kanema wina, wokhala ndi mutu wake.

Kudula kumeneku kumapweteka, koma n'kumene kumapangitsa kanema wa mphindi zisanu ndi zitatu kumveka wamfupi. Ndipo kwa woonera amene akuwerengera bandulo yake, mphindi iliyonse yosayankha funso lake ndi ndalama yotayika.

Tsiku lojambula, chithunzi chija chikhale pamndandanda wa zojambula ngati china chilichonse. Chijambulidwe pachokha, kamera ili chopingasa, powala bwino, kumbuyo kuli koyera kuti chimanga chioneke. Muyeso wake wodziwika ndi 1280 m'litali ndi 720 m'lifupi. Pakona ya kumanja chakumunsi musaikepo chofunika, chifukwa pamenepo YouTube imalembapo kutalika kwa kanema.

Mukamaliza, chichepetseni chikhale ngati kabokosi ka machesi, n'kuchionetsa pafoni kwa munthu amene sakudziwa zimene mukupanga. Muwerengereni mutu, mumufunse kuti akuyembekeza kuona chiyani. Akayankha zimene zili mu sikiriputi yanu, zagwirana. Akati, "Ndi kanema wotsatsa mankhwala," bwererani ku pepala.

Malire ake ali pati?

Aphunzitsi ambiri amanyansidwa ndi nkhani imeneyi, ndipo ali ndi chifukwa. Tonse tinadinapo kanema wa chithunzi cha munthu atayasama, muvi wofiira ukuloza chinthu chimene m'kanemamo mulibe. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Muller amasiyanitsa mitundu iwiri. Pali mutu wokopa umene umanena zoona za chimene chili m'kati, ndipo pali msampha, umene umakokomeza kapena kubisa dala kuti munthu adine. Muyeso wake ndi wosavuta: munthu akamaliza kuonera, abwerere ku mutu uja. Kodi akumva kuti walandira zimene anauzidwa?

Zitsanzo zake zimathandiza kuona pamene pali mzere. Kanema wina anali ndi mutu wakuti Are Negative Ions Good For You? Anausintha kukhala Do Salt Lamps Work? Wakalewo unkatchula mawu a mu labotale. Watsopanowo ukutchula nyale za mchere zimene anthu amagula poganiza kuti zimayeretsa mpweya m'nyumba. Kanemayo amaziyesadi nyalezo, ndiye palibe bodza. Chasintha ndi khomo lolowera.

Wina, wa mu 2020, wonena za miyala ya m'mlengalenga imene ingagunde dziko, anatuluka ndi mutu wakuti Asteroids: Earth's Biggest Threat, ndipo sankayenda bwino. Patapita masiku ochepa anausintha kukhala These Are The Asteroids To Worry About, ndipo oonera anachuluka kwambiri. Chochititsa chidwi n'chakuti mutu wakalewo ndi umene unali woopseza kwambiri. Watsopanowo ukulonjeza chinthu chogwirika: pali miyala ina yoyenera kuiopa, ina ayi, ndipo tikuuzani kuti ndi iti.

Komabe pali chimene chimandidetsa nkhawa, ndipo sindikufuna kuchizembera. Munthu akazolowera kufunsa kaye ngati phunziro lili ndi mutu wokopa, angayambe kusiya maphunziro ofunika amene alibe chithunzi chodabwitsa. Mipira yakuda ili nacho chithunzi. Kugawa tizigawo ta nambala kulibe. Tchanelo chotsatira silabasi sichingadumphe mutu chifukwa choti sukongola.

Zinthu ziwiri zimachepetsa nkhawayi.

Choyamba, nthawi zambiri chodabwitsacho chimakhalapo, kungoti sichinafunidwe. Mu 2021 Veritasium inatulutsa kanema wa funso la masamu la Collatz. Tengani nambala iliyonse yathunthu yoposa ziro: ngati imagawika ndi 2, igaweni, ngati sigawika, ichulukitseni ndi 3 n'kuwonjezera 1, bwerezani. Nambala zonse zimene zayesedwa zimakafika pa 1, koma palibe amene watsimikiza kuti n'chimodzimodzi ndi nambala zonse. Mutu wake unayamba ndi mawu akuti The Simplest Math Problem No One Can Solve, ndipo pachithunzi panalembedwa 3x+1. Masamu okhaokha, popanda damu, popanda boti, koma anthu mamiliyoni ambiri anaonera.

Chachiwiri, si kanema aliyense amene amapezedwa ndi munthu wongoyendetsa chala. Wophunzira wa Fomu 4 amene mayeso a MSCE amuyandikira amalemba yekha dzina la phunziro m'kabokosi kofufuzira. Ameneyo safuna kukopedwa. Akufuna kuona dzina la phunzirolo monga lilili m'silabasi, kutsogolo kwa mutu, ndi chithunzi choonetsa funso lenileni limene lisovedwe. Mukamubisira dzinalo pofuna kumudabwitsa, sakupezani.

Ndiye pamwamba penipeni pa pepala lija payenera kulembedwa chinthu china: kanemayu ndi wa munthu wofufuza, kapena wa munthu wodutsa? Yankho lake limasintha mutu, chithunzi ndi chiganizo choyamba.

Manambala awiri

Kanema akatuluka, YouTube Studio imaonetsa manambala ambiri, koma pa nkhani yathuyi awiri ndi okwanira.

Yoyamba ndi ya anthu amene anadina pa onse amene anaonetsedwa chithunzi. Chithunzi chikaonetsedwa ka 1,000, anthu 50 n'kudina, ndiye kuti ndi 5 pa 100 alionse. YouTube imanena kuti theka la matchanelo ndi makanema amakhala pakati pa 2 ndi 10 pa 100 alionse.

Nambalayi imanyenga. Tsiku loyamba kanema amaonetsedwa kwa anthu okukondani kale, ndipo imakwera. Akayamba kuonetsedwa kwa alendo imatsika, ngakhale oonera akuchuluka. Amene wathamangira kusintha chithunzi pongoona kutsikako angathe kuchotsa chimene chikugwira ntchito. Chanzeru n'kuyerekeza kanemayo ndi makanema ena a tchanelo chomwecho pa msinkhu wofanana.

Yachiwiri ndi mzere woonetsa pamene anthu akutulukira. Pali gawo loonetsa kuti ndi angati akadalipo pakatha masekondi 30 oyambirira.

Muwawerenge pamodzi manambala awiriwa. Odina akachepa, koma amene alowa akukhala mpaka kumapeto, phunziro ndi labwino, khomo ndi lobisika. Zimenezi zimakonzeka, chifukwa mutu ndi chithunzi zimasinthika ngakhale kanema atatha zaka. Apa m'pamene mitu ina ija ya papepala imagwira ntchito.

Odina akachuluka, koma mzere n'kugwa chagada m'masekondi oyambirira, anthu sanapeze zimene analonjezedwa, kapena mwachedwa kuwapatsa. Ili ndi vuto lalikulu, pakuti chiyambi cha kanema amene watuluka kale simungachijambulenso. Mungathe kudula moni wautali uja, kapena kubweza mutu kuti unene zimene zilimodi.

Mu 2024 YouTube inatsegulira opanga makanema chida chotchedwa Test & Compare, cholola kuika zithunzi mpaka zitatu pa kanema mmodzi. Anthu osiyana amaonetsedwa zithunzi zosiyana, ndipo kuyesako kumatha kutenga mpaka milungu iwiri. Chopambana sichisankhidwa poona odina okha, koma poona chithunzi chimene chabweretsa nthawi yambiri yoonera. Chithunzi chonama chingakope ambiri n'kugonja ndithu.

Chidachi chimafuna anthu ochuluka kuti chipereke yankho lomveka. Tchanelo chaching'ono, cha oonera mazana ochepa, nthawi zambiri chimauzidwa kuti palibe chopambana. Ndipo kuyesa kumakhala ndi phindu pokhapokha zithunzizo zili maganizo osiyanadi: zikhatho ziwiri, nankafumbwe mmodzi wokuzidwa, kandulo m'botolo pambali pa thumba. Zitatu zonsezi ziyenera kujambulidwa tsiku lojambula lija, ndipo chilichonse chiyenera kukhala ndi malo ake m'kanemamo.

Patsala chinthu chimodzi chimene wokonza mutu asanajambule ayenera kukonzekera. Miyezi isanu ndi umodzi ija ikatha, mungatsegule matumba n'kupeza kuti sizinayende monga munajambulira ndi pensulo. Mwina m'thumba wamba anankafumbwe sanachuluke. Mwina la PICS linabooka pansi, ndipo chimanga chafumbwa konsekonse.

Pamenepo mutu ndi umene umagonja, osati chimanga. Mubwerere ku pepala, mufufute funso lija, mulembe lina logwirizana ndi chimene mwapeza: "Kabowo aka kanawononga thumba lonse la chimanga". Chithunzi chikhale chala chikuloza kabowoko, chimanga chofumbwa chili pambali. Ziganizo zitatu zoyambirira zilembedwenso kuti ziyambire pa kabowo, ndipo kandulo ija isunthidwe kubwera kutsogolo, chifukwa tsopano ndi imene ikufotokoza chifukwa chake kabowo kakang'ono chotere kanakwanira kusunga tizilombo ndi moyo.